Sitopu losi ikundidyera ndalama, kodi ndiichotse?

"Akulu, ndine mnyamata wa ku Katete, ndili ndi miyezi iwiri chiyambireni kugula ndi kugulitsa golide pafoni. Mu akaunti mwatsala madola 200. Sabata ino sitopu losi yandimenya katatu, ndipo ulendo uliwonse mtengo umangoigunda n'kubwerera komwe ndimafuna. A m'gulu lathu la pa WhatsApp akuti buloka amasaka masitopu athu, ndiye kuli bwino osaika, kumangotseka ndi dzanja zikavuta. Kodi ndiichotse?"

Mng'ono wanga, sitopu losi, mzere uja womwe mtengo ukaugunda malonda amatsekeka okha kuti usaluze zambiri, usaichotse. Mawu amenewa ine ndinawagula ndi madola 590 m'masiku asanu, ndiye lola ndikuuze mmene ndinawagulira, chifukwa ndikangoti "usaichotse" basi, mawu a m'gulu lija adzalemera kuposa anga tsiku lomwe mtengo udzayandikire mzere wako.

Kunali kumayambiriro kwa Malichi 2024. Ndinali ndi miyezi itatu yokha pa msika, ndipo masana ndinkakhala m'kashopu kanga kokonza mafoni kufupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Mu akaunti munali madola 600, omwe pa nthawi ija anali ngati K14,000 ndi kakuti. Zambiri mwa ndalamazo zinali za chilimba chomwe ndinalandira mu Febuluwale. Ukukumbukira mmene chaka chija chinalili: mvula inadula chimanga chisanakhwime, ndipo pa 29 Febuluwale boma linalengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse. Amayi kumudzi ku Chadiza anali atandiuza kale kuti m'munda simutuluka kanthu. Ndalama ija inali ya chimanga chawo. Ine mumtima ndinati ndiyambe ndaiberekesa kaye.

Lachisanu pa 1 Malichi masana, XAUUSD, mtengo wa golide m'madola, inali pafupi ndi 2050. Ndinaona kuti mtengo wakhala ukulephera kudutsa pamenepo kwa milungu ingapo, ndiye ndinadina Sell ndi loti ya 0.05, sitopu n'kuika pa 2060. Tiime kaye apa, chifukwa wina amagulitsa golide miyezi yambiri osadziwa chomwe manambalawa akutanthauza m'thumba mwake. Kwa mabuloka ambiri loti imodzi yathunthu ya golide ndi maaunsi 100. Loti ya 0.01 ndi aunsi imodzi, kotero mtengo ukasuntha ndi dola imodzi, iwe wapeza kapena wataya dola imodzi. Ya 0.05 ndi maaunsi asanu. Kuchokera pa 2050 kufika pa 2060 ndi madola khumi, kuchulukitsa kasanu, madola 50. Ndiye kuti ndinali nditaika pangozi ndalama zoposa 8 pa 100 iliyonse ya akaunti yanga pa malonda amodzi. Cholakwa changa choyamba chinali chimenechi, ndipo ndinachichita ndisanakhudze n'komwe sitopu.

Cha m'ma 17:00 kunatuluka malipoti a chuma cha ku America, dola inafooka, golide n'kuyamba kukwera. Ndinali ndi foni ya kasitomala yotsegula patebulo, tizomangira take ndili nditaika m'chivundikiro cha botolo, koma maso anali pa foni yanga. 2055. 2057. Itafika 2058 chala changa chinapita chokha, ndinasuntha sitopu kupita pa 2070. Ndinadziuza kuti ndikungoupatsa mtengo mpata wopumira. Pasanathe ola unali ukuyandikira 2070, ndipo pamenepo ndinalowa pa S/L, pomwe pamalembedwa sitopu, n'kufufuta nambala yonse. Ndikukumbukira kuti nditatero mtima unakhala pansi, ngati munthu amene wazimitsa alamu m'mamawa. Ndinamaliza kukonza foni ya kasitomala uja ndikuimba kanyimbo. Msika unatseka usiku umenewo pafupi ndi 2083, ine ndili ndi ngongole ya madola 165 pa malonda omwe ndinagwirizana ndekha kuti asapitirire 50.

Loweruka ndi Lamlungu msika wa golide sutsegula, ndiye ndinali ndi masiku awiri oganiza. Sindinawagwiritse ntchito poganiza zotseka. Ndinawagwiritsa ntchito pofunafuna anthu ogwirizana nane, ndipo ndinawapeza ambiri. M'gulu lathu aliyense amati golide wakwera mopitirira, sangachitire mwina koma kugwa. Munthu ukakhala m'dzenje makutu amasankha zomva.

Lolemba pa 4 Malichi mtengo utafika 2090 ndinagulitsanso 0.05 ina. Maganizo anali akuti ndikaphatikiza awiriwo, mtengo wanga wapakati ukhala 2070, ndiye sindifunikanso kudikira kuti ubwerere ku 2050, ungotsika pang'ono ndapulumuka. Masamu amenewo ndi oona. Chomwe sindinafune kuona n'chakuti tsopano ndinali ndi loti ya 0.10, dola iliyonse yokwera ikundidya madola khumi m'malo mwa asanu. Usiku wa Lolembalo mtengo unali cha pa 2114. Ngongole inali madola 440, mu akaunti mwatsala 160 yokha yamoyo. Mkazi wanga anandifunsa chomwe ndimangogwirira nsima osadya, ndinati mutu ukuwawa. Ndinagona foni ili pansi pa pilo, ndikudzuka ola lililonse.

Apa ndikufuna umvetse chinthu chomwe a m'gulu lako sakukuuza. Palibe malonda opanda sitopu. Ukachotsa yako, imatsala ya buloka, ndipo ya buloka ili pomwe ndalama zako zathera. Ukatsegula malonda, buloka amapatula kandalama kena ngati chikole, komwe pa sikirini pamalembedwa Margin. Ine ndi levereji ya 1:500, kutanthauza dola imodzi ya chikole pa madola 500 aliwonse a malonda, chikole cha malonda awiriwo chinali pafupifupi madola 41. Pansi pake pali nambala ina, Margin Level, yomwe imayerekeza ndalama zako zamoyo ndi chikolecho. Buloka wanga ankatseka yekha malonda nambalayo ikatsika kufika pa 50%, kutanthauza ndikatsala ndi madola 20 okha. Ena amatseka pa 30% kapena 20%, uyang'ane m'mapepala a buloka wako. Lachiwiri pa 5 Malichi mtengo unafika 2128, makina anatseka malonda oyamba aja ndi kutaya madola 390. Achiwiri anakhalako kanthawi kochepa, pa 2130 nawonso n'kutsekedwa. Mu akaunti munatsala madola khumi. Ndinali m'shopu, mnyamata wina ataima pakauntala kudikira kuti ndimuikire galasi la foni, ndipo manja ankanjenjemera moti ndinamuuza kuti abwerenso mawa.

Golide sanabwerere. Lachisanu la sabata yomweyo anali akuyandikira 2200, ndipo mu Epulo anadutsa 2400. Ndikanakhala ndi madola 6,000 m'malo mwa 600, kudikira kukanangotalikitsa maliro.

Chovuta kwambiri sichinali kuuza mkazi wanga, ngakhale anakhala masiku awiri osandilankhula bwino. Chinali kukwera basi kupita ku Chadiza ndi matumba awiri a ufa omwe ndinachita kukongola, m'malo mwa chimanga chokwanira miyezi. Amayi sanakalipe. Anangoti, "Mwanawe, ndalama ya chakudya siipita kumsika kawiri." Ndinapitirizabe kuponya chilimba mpaka onse atalandira, pa ndalama yomwe inali itapita kale.

Tsopano tibwere kwa iwe ndi masitopu ako atatu. Ndikukhulupirira kuti zinachitikadi monga wanenera, ndipo ndikudziwa mmene zimawawira. Koma taona mmene nkhani ya kutseka ndi dzanja imanyengera. Mwa maulendo khumi omwe ungachotse sitopu, mwina asanu ndi atatu mtengo udzabwereradi, udzatuluka ndi kaphindu, n'kumadziona wochenjera kuposa makina. Ulendo uliwonse wotero ukukuphunzitsa khalidwe lomwe lidzakuphe pa ulendo wachisanu ndi chinayi. Inenso ndisanafike pa 1 Malichi ndinali nditasunthapo sitopu kanayi, kanayi konse zinandiyendera. N'chifukwa chake chala chinapita chokha tsiku lija. Ndipo dzanja lomwe ukuti lidzatseka zikavuta ndi lomwelo lomwe likukana kutaya madola khumi lero. Lidzavomera bwanji kutaya 100?

Pali ndi chifukwa china cha kwathu kuno. Sitopu ukaiika imakhala pa makina a buloka, osati m'foni mwako. Malaiti apite, batire ithe, bando ithe uli pakati pa Katete ndi Sinda pomwe netiweki imadukaduka, iyo ikugwirabe ntchito. Chaka chija cha 2024 madzi atachepa ku Kariba tinkakhala maola ambirimbiri opanda malaiti, ndipo ndikudziwa anthu amene anayatsa foni m'mawa n'kupeza akaunti yapsa usiku. Chenjera ndi chimodzi chokha: ya mtundu wa Trailing Stop pa MetaTrader ya pakompyuta imasuntha pokhapokha pulogalamuyo ili yoyaka. Kompyuta ikazima imangoima pomwe inafika.

Za buloka wosaka masitopu, mabuloka achinyengo alipo, makamaka aja osalembetsedwa kulikonse omwe umangowapeza pa linki ya m'gulu. Koma usanamuloze chala, yesa izi. Tsegula tchati cha golide kwa buloka wina kapena pa TradingView, upite pa miniti yomwe sitopu yako inamenyedwa. Ngati mchira wa kandulo womwe unakugunda ukuoneka konsekonse, ndi msika umenewo, si buloka wako. Ngati uli kwa iye yekha ndipo ndi wautali ndi madola angapo, jambula sikirini, dandaula, chotsako ndalama zako. Kawirikawiri udzapeza kuti uli konsekonse. Chifukwa chake n'chosavuta: tonse timaona tchati chimodzimodzi, tonse timaika sitopu pamwamba penipeni pa nsonga yomaliza kapena pa nambala yozungulira ngati 2060. Pamalo pomwe pawunjikana maoda ambiri mtengo umakonda kufikapo. Palibe amene akudziwa dzina lako kapena madola 200 ako.

Chinanso chomwe chimasokoneza atsopano ambiri ndi mitengo iwiri. Tchati cha MetaTrader chimajambula mtengo wa Bid, koma ukagulitsa, malonda ako amatsekedwa pa mtengo wa Ask, womwe uli pamwamba pang'ono. Mpata wa pakati pa iwiriyo ndiye sipuredi. Ndiye n'zotheka kuona kandulo isanafike pa mzere wako koma sitopu yamenyedwa kale. Lowa mu Settings uyatse mzere wa Ask kuti uziuona. Sipuredi imakula kwambiri pa nthawi ziwiri: tsiku la malonda likamasintha, cha m'ma 23:00 kapena pakati pa usiku nthawi ya kuno, komanso malipoti akuluakulu a ku America akamatuluka. Lipoti la ntchito lija lotchedwa NFP limatuluka kawirikawiri Lachisanu loyamba la mwezi, 14:30 nthawi yathu kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi 15:30 miyezi inayo. Yang'ana nthawi zomwe masitopu ako atatu anamenyedwa, mwina upeza yankho pamenepo.

Koma ndikuganiza kuti vuto lako lenileni ndi lomwe linali langa, ndipo ndi loti. Sunandiuze kukula kwake, koma ndi madola 200 pa golide ndikhoza kulota. Umayamba wasankha loti, mwina 0.05, chifukwa ukufuna phindu looneka. Kenako umaona kuti sitopu ya madola khumi ikudya 50, ukuopa, ndiye umaibweretsa pafupi, madola awiri kapena atatu kuchokera pomwe walowera. Golide amayenda madola atatu mmwamba ndi pansi nthawi yomwe iwe ukumwa tiyi. Ngakhale pa nthawi yanga ija ankayenda madola makumi awiri kapena kuposa pa tsiku wamba, ndipo mtengo wake utakwera mayendedwe akulanso. Sitopu yotero siikuyesa ngati maganizo ako ndi olondola, ikungoima pakati pa msewu. Ika chizindikiro cha ATR pa tchati chomwe umagwiritsa ntchito, chidzakuuza kutalika kwa kandulo wamba. Sitopu yofupika kuposa nambala imeneyo idzamenyedwa ngakhale utalosera bwino komwe mtengo ukupita.

Ndondomeko yoyenera imayambira kumapeto. Choyamba umafunsa kuti mtengo ukafika pati ndiye kuti ganizo langa lafa, ndipo sitopu umaiika kuseri kwa malo amenewo, n'kuwonjezera kampata ka sipuredi. Kenako umasankha ndalama yomwe ungataye osasowa tulo. Ine ndi 1 pa 100 iliyonse ya akaunti, ena amafika pa 2. Loti imabwera pomaliza, ndipo suisankha ndiwe, imatuluka m'masamu:

```
lot = risk / (stop distance x value per lot)
XAUUSD: 2 / (10 x 100) = 0.002
EURUSD: 2 / (20 x 10)  = 0.01
```

Pa madola 200 ako, gawo limodzi pa 100 ndi madola awiri. Mzere wachiwiriwo ukunena kuti ndi sitopu ya madola khumi pa golide, loti yako iyenera kukhala 0.002. Koma yaing'ono kwambiri yomwe akaunti wamba imalola ndi 0.01, ndipo imeneyo ikadya madola khumi, omwe ndi 5 pa 100 ya zonse uli nazo. Ndikudziwa sufuna kumva izi, koma akaunti yako ndi yaing'ono pa golide. Mzere wachitatu ukuonetsa njira ina: pa EURUSD, malonda a yuro ndi dola, loti ya 0.01 imadya masenti khumi pa pipu iliyonse, kasitepe kakang'ono komwe mtengo umasuntha, ndiye sitopu ya mapipu 20 ndi madola awiri ndendende. Kapena funsa ngati buloka wako ali ndi akaunti ya masenti, momwe kukula kwa malonda kumachepa ka 100. Phindu lake lidzakhala la mtengo wa kapu ya tiyi ndi vitumbuwa. Pa miyezi iwiri yomwe uli nayo, chomwe ukugula si phindu koma nthawi yophunzira.

Kusiyana kwake kumaoneka zinthu zikakana motsatizana, ndipo zimakana kwa aliyense. Ukaluza kakhumi kotsatizana pa 1 pa 100, watsala ndi ndalama zoposa pang'ono 90 pa 100 iliyonse. Pa 8 ngati yanga ija, watsala ndi 43. Ndipo kubweza kumavuta kuposa kutaya: amene wataya theka ayenera kuchulukitsa kawiri zomwe zatsala kuti angofika pomwe anayambira. Chinanso chomwe ndinadzaona ndekha n'chakuti chala sichiyabwa pa madola awiri. Chimene chinkandichititsa kusuntha sitopu chinali kukula kwa ndalama yomwe inali kuseri kwake. Nditachepetsa loti, theka la nkhondo ya mumtima linatha lokha.

Theka linalo ndinalimbana nalo ndi kope. Ndinakhala miyezi inayi osaikamo ndalama, ndikungoyeserera pa akaunti ya demo, ndipo nditabwerera ndinayamba ndi madola 150 a phindu la m'shopu, osati a chilimba kapena a chakudya. Ndinagula kope la ana a sukulu. Ndisanadine batani ndimalemba ndi cholembera mtengo wolowera, sitopu, ndi ndalama yomwe ndikutaya ikamenyedwa. Sitopu ndimailemba mu oda yomweyo, osati kutsegula kaye n'kumati ndiika pambuyo. Ikhoza kusuntha kulowera kophindula, koma kubwerera mmbuyo ayi, ngakhale ndi senti imodzi. Malonda amene akuluza sindiwawonjezera. Ndikamenyedwa kawiri tsiku limodzi, foni imalowa m'dirowa ya zida mpaka mawa. Lamulo losabweza sitopu mmbuyo lija ndinaliswa kamodzi, mu Sepitembala chaka chomwecho, ndipo mtengo unabwerera n'kundipatsa madola asanu ndi limodzi. M'kope ndinalemba tsikulo ndi inki yofiira ngati tsiku loluza, n'kudziletsa sabata yathunthu. Mkazi wanga amaliona kopelo Lamlungu lililonse, ndipo kudziwa kuti wina adzaliwerenga kwandigwira dzanja kangapo.

Ndisakunamize kuti sitopu ndi khoma la konkire. Mtengo ukaigunda, imasanduka oda yotseka pa mtengo uliwonse womwe ulipo pa nthawiyo. Msika ukalumpha, monga umachitira potsegula pambuyo pa Loweruka ndi Lamlungu kapena lipoti lalikulu likatuluka, ukhoza kutsekeredwa kutali ndi pomwe unaika. Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya ku Switzerland inasiya mwadzidzidzi kutchinjiriza mtengo wa 1.20 pa EURCHF, malonda a yuro ndi ndalama ya dzikolo, mtengo unagwa kwambiri m'maminiti ochepa, masitopu anadumphidwa, anthu ena anatsala ndi ngongole kwa mabuloka awo ndipo mabuloka ena anagwa. N'chifukwa chake ine Lachisanu madzulo ndimatseka zonse, ndipo pa NFP ndimangoonerera. Sitopu siipanganso phindu. Mu 2018 bungwe la ESMA loyang'anira misika ku Ulaya linapeza kuti pakati pa 74 ndi 89 mwa maakaunti 100 aliwonse a anthu wamba pa malonda a mtundu uwu amaluza. Ngati njira yako yolowera ndi yopanda pake, sitopu idzangochititsa kuti uluze pang'onopang'ono, koma udzazindikira zimenezo ndalama zikadalipo. Ineyo mpaka lero chomwe chimadyetsa banja langa ndi shopu.

Ndiye usiku uno usatsegule malonda. Lowa mu History, utenge atatu aja, ulembe pa lililonse loti, kutalika kwa sitopu m'madola, nthawi yomwe inamenyedwa, ndi nambala ya ATR pa tchati chomwe unalowera. Unditumizire, tidzaonere limodzi. Undiuzenso komwe madola 200 amenewo anachokera, chifukwa ngati ndi a feteleza kapena a fizi ya mwana, yankho langa likhala lina: uwatulutse mawa m'mawa.